Tsamba likutha bandulo: mmene mungapezere zithunzi zolemera n'kuzipeputsa

Dandaulo la anthu limakhala lakuti “Tsamba lanu silikutseguka,” kapena lakuti “Ndangolowa kamodzi, data yatha.” Mwini tsamba akalitsegula pa kompyuta ya muofesi amaona kuti zonse zili bwinobwino, n'kuganiza kuti vuto ndi netiweki ya kumene kuli wodandaulayo. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri vuto limakhala kulemera kwa tsambalo, ndipo pa masamba a sitolo, a nkhani, a sukulu kapena a malo ogona alendo, katundu wolemera kwambiri amakhala zithunzi.

Pali njira zinayi zopeputsira zithunzi: kuchepetsa kukula kwake, kusankha mtundu woyenera wa fayilo, kuzifinya, ndi kuchedwetsa zimene zili m'munsi mwa tsamba. Ambiri amayambira pa yomalizayi chifukwa ndi yosavuta, koma payokha siipeputsa chithunzi chilichonse. Mndandanda wa ntchito ndi umenewo, ndipo ukasinthidwa mumatopa pachabe.

Yambani mwayeza

Musanakhudze chithunzi chilichonse, dziwani kaye kulemera kwenikweni kwa tsamba. Tsegulani tsambalo mu Chrome pa kompyuta, dinani F12, pitani pa `Network`, chongani `Disable cache`, kenako tsegulaninso tsambalo. Kuchonga kumeneku n'kofunika kwambiri. Burawuza ili ndi nkhokwe yake mmene imasunga zimene inakoka kale, choncho inu amene mumalowa tsiku lililonse simuona mtolo umene mlendo woyamba amasenza. Sinthaninso maonekedwe kuti akhale ngati a foni pogwiritsa ntchito kabatani ka foni kamene kali pamwamba chakumanzere, chifukwa tsamba lokonzedwa bwino limatumiza zithunzi zosiyana ku foni ndi ku kompyuta.

Pansi penipeni muona manambala awiri. Ya `transferred` ndi imene yadutsa pa netiweki, ndipo ndi imene imadya bandulo. Ya `resources` ndi kukula kwa zinthuzo zikamasulidwa mufoni. Ngati nambala yoyambayo ili yochepa kwambiri kuyerekeza ndi yachiwiri, ndiye kuti seva ikufinya bwino malemba ndi khodi. Koma pa zithunzi manambala awiriwa amakhala pafupifupi ofanana, chifukwa `gzip` ndi `brotli` sizichotsa kanthu kooneka pa JPEG kapena WebP, zimene zinafinyidwa kale. Amene amayatsa `gzip` n'kumayembekezera kuti zithunzi zipepuka amangodikira madzi a mphutsi.

Dinani `Img`, kenako dinani mutu wa `Size` kuti zolemera zikhale pamwamba. Lembani manambala kawiri: tsamba likangotseguka musanatsike, komanso mutatsika mpaka pansi.

Tiyerekeze kuti tikukonza tsamba la sitolo yogulitsa zitenje. Manambala otsatirawa ndi achitsanzo, koma ndi a mtundu umene mungaupeze. Pamwamba pali chithunzi chachikulu cha mkati mwa sitolo, chochokera mufoni osasinthidwa, cha mapikiselo 4000 m'lifupi ndi 3000 kutalika, cholemera 3.5 MB. Chizindikiro cha sitolo ndi PNG ya 400 KB. Pali zithunzi 20 za zitenje, chilichonse cha mapikiselo 1600 m'lifupi ndi 450 KB, zonse pamodzi 9 MB. Pansi pali chikwangwani cha mitengo chimene chinasungidwa ngati PNG ya 1.8 MB. Khodi, mafonti ndi zina zonse zikukwana 700 KB. Tsamba lonse ndi 15.4 MB. Munthu amene wagula bandulo ya 1 GB ya TNM kapena Airtel, masamba olemera chotere angawatsegule pafupifupi ka 65 kokha, n'kutheratu.

Vuto loyamba: chithunzi ndi chachikulu kuposa malo ake

Apa ndi pamene pagona data yambiri, ndiye tikhalepo pang'ono.

Mafoni ambiri otsika mtengo, monga a Tecno ndi itel, amauza burawuza kuti sikirini yawo ndi ya mapikiselo pafupifupi 360 m'lifupi. Amenewa ndi mapikiselo a CSS, oyezera malo pa tsamba. Timadontho tenitenti ta pa galasi timachuluka kuposa pamenepo, kawirikawiri kawiri, pa mafoni ena katatu. Choncho chithunzi chodzaza m'lifupi monse mwa foni yoteroyo chimafuna mapikiselo 720 kuti chioneke chakuthwa. Mukatumiza cha 4000, foni imakoka chonsecho, n'kuchichepetsa yokha, n'kutaya chotsalacho.

Onani kuchuluka kwa zotayidwazo. Chithunzi cha 4000 kwa 3000 chili ndi mapikiselo 12 miliyoni. Cha 720 kwa 540 chili ndi 388,800. Kusiyana kwake ndi pafupifupi ka 31. Palibe mtundu wa fayilo umene ungakupatseni phindu lotere. Komanso chithunzi chikamasulidwa kuti chionekere, pikiselo iliyonse imatenga mabaiti anayi mu RAM ya foni, ndiye chachikulucho chimadya pafupifupi 48 MB. N'chifukwa chake foni yokhala ndi RAM yochepa imauma kapena kutseka tsamba ngakhale netiweki ili bwino.

Kuti mudziwe ngati vuto lanu ndi limeneli, dinani chithunzi ndi batani lakumanja, sankhani `Inspect`, kenako ikani kalozera pa dzina la fayilo mu khodi. Chrome ikuonetsani `Rendered size`, kumene kuli kukula kwa malo ake pa tsamba, ndi `Intrinsic size`, kumene kuli kukula kwa fayilo imene yakokedwa. Ngati yachiwiriyo ikuposa yoyamba kupitirira kawiri, mukutumiza zosafunika. Dziwani kuti kulemba `width: 180px` mu CSS sikuchepetsa fayilo. Kumangoipanikiza pa sikirini, ngati kupinda bulangete kuti lilowe m'kachikwama, kulemera kwake kuli komweko.

Pa tsamba la zitenje lija, zithunzi zaikidwa ziwiriziwiri pa mzere, ndiye chilichonse chimatenga theka la sikirini, mapikiselo 180. Kuchulukitsa kawiri ndi 360. Fayilo ya 400 m'lifupi ikukwana. Ndi pulogalamu ya ImageMagick mungachite motere:

```
magick IMG_2041.jpg -auto-orient -resize "400x>" -strip pakati.png
```

Chizindikiro cha `>` chikutanthauza kuti chithunzi chichepetsedwe kokha, chisakulitsidwe ngati chinali chaching'ono kale. `-strip` imachotsa zolemba zobisika zimene kamera imaika mufayilo, monga mtundu wa foni, tsiku, kachithunzi kakang'ono, ndipo nthawi zina ngakhale malo enieni amene munajambulira. Fayilo ya PNG imeneyi si yoika pa tsamba. Ndi yapakati chabe, yopangirako mitundu ina popanda kuwononga kawiri.

Pali misampha iwiri pamenepa. Woyamba: zithunzi zimatuluka zitagona chammbali. Foni ikamajambula choimirira, nthawi zambiri imasunga chithunzicho chogona n'kulemba m'zolemba zobisika zija kuti chitembenuzidwe poonetsa. Mukachotsa zolembazo musanachitembenuze, chimagona mpaka kalekale. N'chifukwa chake `-auto-orient` iyenera kubwera `-strip` isanafike. Wachiwiri: mitundu imafwifwa. Mafoni ena, makamaka a iPhone, amajambula ndi mitundu yotambalala kuposa ya masiku onse ya pa intaneti, ndipo `-strip` imachotsanso chikalata chofotokoza zimenezo. Chitenje chofiira kwambiri chimaoneka ngati chachapidwa kangapo, ndipo kasitomala akachilandira adzati mwamutumizira china. Mankhwala ake ndi kusinthira mitunduyo ku sRGB musanachotse zolemba, poika `-profile sRGB.icc` patsogolo pa `-strip`, fayilo ya dzina limenelo ili pafupi.

Kukula kumodzi sikungakwanire aliyense, chifukwa ena alowa ndi kompyuta. Pangani kukula kuwiri kapena kutatu, n'kuuza burawuza kuti isankhe yokha:

```
<img src="chitenje-400.jpg"
  srcset="chitenje-400.jpg 400w, chitenje-800.jpg 800w"
  sizes="(max-width: 600px) 50vw, 300px"
  width="400" height="500" alt="Chitenje chofiira cha maluwa">
```

Mzere wa `sizes` ndi umene anthu ambiri amaiwala. Burawuza imasankha chithunzi isanamalize kuyala tsamba, ndiye siidziwa kuti chidzatenga malo aakulu bwanji. Mukapanda kuiuza, imaganiza kuti chidzadzaza m'lifupi monse. Pa foni yathu ija iwerengera 360 kuchulukitsa kawiri, ipeza 720, n'kukoka fayilo ya 800, yokhala ndi mapikiselo ochuluka kanayi kuposa ya 400. Mudzadabwa kuti mwagwira ntchito yonseyi koma kulemera sikunatsike mmene mumayembekezera. Kuti muone fayilo imene yasankhidwa, dinani chithunzicho mu `Elements`, pitani pa `Console` n'kulemba `$0.currentSrc`. Poyesa, tsegulaninso tsamba sikirini ili kale yaing'ono, chifukwa Chrome ikakhala kuti inakoka kale fayilo yaikulu, imatha kungoigwiritsanso ntchito m'malo mokoka yaing'ono.

Vuto lachiwiri: mtundu wa fayilo ndi wolakwika

Cholakwika chofala kwambiri ndi kusunga chithunzi chojambulidwa ndi kamera ngati PNG. PNG imasunga pikiselo iliyonse osataya kanthu. Zimenezi ndi zabwino pa zojambula zokhala ndi mitundu yochepa ndi mizere yakuthwa, koma pa nkhope, nsalu, mitengo ndi thambo fayilo imatupa kangapo kuposa JPEG yooneka mofanana. Mukaona PNG yoposa 200 KB pa mndandanda wanu, ikaikireni.

Pa zithunzi za kamera pali mitundu itatu. JPEG ndi yakale, ya mu 1992, ndipo imatseguka paliponse. WebP inatulutsidwa ndi Google mu 2010, ndipo pa maonekedwe ofanana imapepuka kuposa JPEG, kawirikawiri ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Safari inayamba kuitsegula mu 2020, ndiye masiku ano pafupifupi burawuza iliyonse yatsopano imaidziwa. AVIF inabwera mu 2019 ndipo nthawi zambiri imapepuka kuposa WebP, makamaka mukafinya kwambiri, koma kuipanga kumatenga nthawi yaitali pa seva, ndipo mafoni akale amene burawuza yawo siinasinthidwe kwa zaka zingapo saitsegula. Chrome inayamba kuilandira pa nambala 85.

Maganizo athu ndi akuti ngati muli ndi mphamvu zochitira chinthu chimodzi chokha, pangani WebP ndipo musunge JPEG ya burawuza zosadziwa WebP. AVIF muionjezere pamene zina zonse zakhazikika. Kuchoka pa 450 KB kufika pa 25 KB ndi nkhani yaikulu; kuchoka pa 25 kufika pa 19 ndi ndiwo zoonjezera.

```
cwebp -q 75 pakati.png -o chitenje-400.webp
avifenc -q 55 pakati.png chitenje-400.avif
magick pakati.png -quality 78 chitenje-400.jpg
```

Amene simukonda kulemba malamulo mungagwiritse ntchito Squoosh, imene imafinyira zithunzi m'burawuza mwanu momwemo osazitumiza kulikonse, ndipo imaonetsa chakale ndi chatsopano moyandikana. Ndi yabwino pa zithunzi khumi. Pa zithunzi mazana angapo mudzatopa.

Kuti burawuza isankhe mtundu umene ikuudziwa, mumagwiritsa ntchito `<picture>`:

```
<picture>
  <source type="image/avif" srcset="chitenje-400.avif">
  <source type="image/webp" srcset="chitenje-400.webp">
  <img src="chitenje-400.jpg" width="400" height="500" alt="Chitenje">
</picture>
```

Burawuza imawerenga kuchokera pamwamba n'kutenga woyamba umene ikuudziwa, choncho wopepukitsitsa ukhale pamwamba. Ngati muli ndi kukula kungapo, `srcset` ndi `sizes` zilembedwe pa `<source>` iliyonse, osati pa `<img>` yokha. Chinthu china chimene chimadabwitsa ambiri: burawuza ikasankha AVIF n'kupeza kuti fayiloyo kulibe pa seva, siibwerera ku WebP kapena JPEG. Imangoonetsa chithunzi chosweka. Ndiye ngati zithunzi zikuoneka pa foni yakale koma zasowa pa yatsopano, fufuzani ngati mafayilo a AVIF anakwezedwadi ndiponso ngati mayina ake analembedwa molondola. Onaninso zimene seva ikunena:

```
curl -sI https://example.com/chitenje-400.avif
```

Mzere wa `content-type` uzinena `image/avif`. Maseva akale saudziwa mtundu umenewu. Pa Apache mumaonjezera `AddType image/avif .avif`, pa nginx mumaulemba mu `mime.types`.

Chizindikiro cha sitolo chikhale SVG ngati amene anachijambula akadali ndi fayilo yoyambirira. SVG imasunga malangizo a mizere m'malo mwa mapikiselo, ndiye imatha kukhala makilobaiti ochepa chabe n'kumaoneka yakuthwa pa kukula kulikonse. Chenjerani ndi SVG yonama, imene mkati mwake munangokulungidwa PNG. Mukaitsegula ngati malemba n'kuona `data:image/png;base64`, dziwani kuti simunapindule kanthu. Ngati fayilo yoyambirira inatayika, chepetsani PNG ija kufika pa kukula koyenera n'kuidutsitsa mu `pngquant`, imene imachepetsa mitundu kufika 256 kapena kucheperapo.

Chikwangwani cha mitengo chija ndi nkhani ina. Mitengo iyenera kukhala malemba enieni pa tsamba, osati chithunzi cha malemba. Malemba ndi opepuka kwambiri, amawerengeka pa sikirini yaing'ono, ndipo mtengo ukasintha simufunika kujambulanso. Ngati mwiniwake akukakamira chikwangwani chake, werengani gawo lotsatirali mosamala.

Vuto lachitatu: kufinya mopitirira kapena mosakwanira

Nambala ya kwalite si peresenti ya ubwino wa chithunzi, ndipo siitanthauza chinthu chimodzi pa mitundu yonse. 75 ya JPEG, 75 ya WebP ndi 75 ya AVIF ndi zinthu zitatu zosiyana. Poyambira pabwino ndi pakati pa 70 ndi 80 pa JPEG ndi WebP, ndi pakati pa 50 ndi 60 pa AVIF. Kupitirira 90 fayilo imakula mofulumira pamene diso silionanso kusiyana, ndipo 100 ndi kutaya data ya anthu.

Njira yodalirika ndi kufinya chithunzi chimodzi pa manambala atatu, monga 60, 70 ndi 80, n'kuziona pa foni yeniyeni, pa kukula kumene zidzaonekere, osati pa kompyuta mutazikulitsa kanayi. Tengani yotsikitsitsa imene siikukhumudwitsani. Mtundu uliwonse uli ndi mawonongedwe ake, ndipo mukawadziwa mudziwa pamene mwapitirira. JPEG imatulutsa timabokosi tating'ono ndi kaufunga m'mphepete mwa zinthu zakuthwa. WebP ndi AVIF zimasalaza: ulusi wa nsalu umasowa, khungu limaoneka ngati lopakidwa phula, thambo limagawanika mizeremizere. Pa zitenje zimenezi n'zofunika, chifukwa kasitomala akufuna kuona kaluso ka nsaluyo. Nsalu ya timadontho ting'onoting'ono imalemeranso kuposa nsalu ya mtundu umodzi ngakhale pa nambala yofanana, ndiye musadabwe china chikatuluka 18 KB china 40 KB.

Malemba ofiira pa chikwangwani ndi amene amavutitsa. WebP yofinya motaya imasunga mitundu pa theka la mapikiselo m'lifupi ndi m'litali, kuwala kokha n'kumene kumasungidwa konse. Pa nkhope ya munthu simungaone, koma zilembo zofiira pa buluu kapena pa chakuda zimachucha m'mbali ngati inki yonyowa. Yesani `-sharp_yuv` pa `cwebp`. Ikalephera, gwiritsani ntchito `-lossless` mutachepetsa kaye mitundu, kapena JPEG yokhala ndi `-sampling-factor 4:4:4`.

Musafinye chofinya kale. Nthawi iliyonse JPEG ikatsegulidwa n'kusungidwanso, imatayanso kena kake, ndipo zilema zakale zimasungidwa ngati mbali ya chithunzi. Zithunzi zobwera pa WhatsApp zimafika zitachepetsedwa ndi kufinyidwa kale, kupatula ngati wotumizayo anazitumiza ngati dokyumenti. Mukazisandutsa WebP pa nambala yapamwamba, fayilo yatsopano imatha kulemera kuposa yakale. Choncho sungani zoyambirira m'foda yapadera, ndipo mukamaliza yerekezani kukula. Ngati WebP yaposa JPEG, itayeni.

Tsopano tibwerere ku sitolo ija. Chithunzi chapamwamba pa 800 m'lifupi mu WebP chafika pafupifupi 70 KB. Chizindikiro mu SVG ndi 6 KB. Zitenje 20 pa 25 KB chilichonse ndi 500 KB. Chikwangwani, chimene mwiniwake wakana kuchisiya, chafika 120 KB. Khodi ikadali 700 KB. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 1.4 MB, kuchoka pa 15.4 MB, tisanachedwetse chithunzi ngakhale chimodzi. Bandulo ya 1 GB ija tsopano ingatsegule tsamba lotere koposa ka 700.

Vuto lachinayi: kuchedwetsa zithunzi sikukugwira, kapena kukuwononga

Kuchedwetsa kumatanthauza kuti chithunzi chisakokedwe mpaka munthu atayandikira pamene chili. Kale zinkafuna JavaScript. Tsopano mumangolemba `loading="lazy"` pa `<img>`. Chrome inayamba kuimva mu 2019, Firefox mu 2020, Safari pa nambala 15.4. Burawuza yosaidziwa imangoinyalanyaza n'kukoka zonse monga kale, ndiye palibe chimene chimasweka.

Dandaulo lofala ndi lakuti “Ndaika, koma zithunzi zikukokedwabe zonse.” Pali zifukwa zingapo, ndipo choyamba si cholakwika chanu. Chrome siidikira kuti chithunzi chifike pa sikirini. Imayamba kukoka chikadali patali, pafupifupi mapikiselo 1250 pa 4G ndi 2500 pa netiweki yochedwa, pofuna kuti munthu asapeze mabokosi opanda kanthu. Tiwerengere pa tsamba lathu. Sikirini ikuonetsa mapikiselo pafupifupi 640 kutalika, mutu ndi chithunzi chapamwamba zatenga 400, ndipo mzere uliwonse wa zitenje ndi 300. Pa 4G burawuza ikoka zonse za mkati mwa mapikiselo pafupifupi 1900, kumene kuli mizere isanu, zithunzi 10. Tsamba likangotseguka lidya pafupifupi 1 MB m'malo mwa 1.4 MB. Pa 3G mtundawo ukufika 3140, mizere 9 kapena kuposerapo pang'ono, pafupifupi zithunzi zonse. Ndiye munthu wa netiweki yofooka, amene mumafuna kumuthandizayo, ndi amene amapindula pang'ono. Ndipo amene watsika mpaka pansi amalipira zonse ndithu. N'chifukwa chake kuchedwetsa kuli komaliza: kumathandiza kwambiri pa tsamba lalitali la zithunzi 60 kapena 100, koma sikupeputsa chithunzi chilichonse.

Chifukwa chachiwiri ndi kusowa kwa `width` ndi `height`. Chithunzi chimene sichinakokedwe ndipo sichinapatsidwe miyeso sichitenga malo pa tsamba. Zithunzi zonse zimaunjikana pamwamba, burawuza n'kuona ngati zonse zili pafupi, n'kuzikoka nthawi imodzi. Vuto lomweli ndi limene limachititsa kuti tsamba lizidumphadumpha: munthu akufuna kudina mtengo, chithunzi chatulukira, chala chagwera pa batani lina, tsamba lina latseguka, data yapita. Lembani miyeso yeniyeni ya fayilo pa `<img>`, ndipo mu CSS muike `max-width: 100%` ndi `height: auto`. Burawuza isungiratu malo oyenera.

Chachitatu: zithunzi zoikidwa kudzera mu `background-image` ya CSS sizimva `loading="lazy"`. Ngati chithunzi chili ndi tanthauzo, chisamutsireni ku `<img>`. Chachinayi: kubisa `<img>` ndi `display: none` pa foni sikuiletsa kukokedwa ngati ilibe `loading="lazy"`. Masamba ambiri ali ndi chithunzi chachikulu cha pa kompyuta chobisidwa pa foni, ndipo wa foniyo amalipira chinthu chimene sachiona n'komwe. Zithunzi zosinthanasinthana pamwamba pa tsamba zili ndi matenda omwewo: zisanu zimakokedwa, munthu amaona chimodzi n'kutsika. Chimodzi chabwino chikukwana.

Palinso kuchedwetsa kowononga. Musaike `loading="lazy"` pa chithunzi chapamwamba chimene chimaoneka tsamba likangotseguka. Burawuza imayenera kudikira kaye kuyala tsamba kuti idziwe ngati chili pafupi, ndiye chimafika mochedwa kuposa chikanakhala chopanda lamulolo, pamene data siinapulumuke ngakhale pang'ono. Chimenecho chisiyeni, kapena chipatseni `fetchpriority="high"`. Samalaninso ndi njira zakale za JavaScript zimene zimabisa dzina la fayilo mu `data-src`. Khodi ikalephera kufika chifukwa netiweki yaduka pakati, zithunzi zonse zimasowa. Pa Opera Mini, imene ikakhala pa njira yake yopulumutsa data kwambiri imayala tsamba pa maseva ake isanalitumize ku foni, njira zodalira kutsika kwa chala zimatha kusagwira bwino. Ngati anthu anu ambiri amalowa ndi Opera Mini, yesani pa iyo yomweyo musanakhulupirire.

Vuto likabweranso pakatha miyezi iwiri

Limabweranso ndithu, chifukwa amene amakweza zithunzi tsiku ndi tsiku si amene anakonza tsamba. Wogulitsa m'sitolo ajambula chitenje chatsopano, n'kuchikweza mmene chilili. Kumuuza kuti azichepetsa kaye kumagwira sabata imodzi. Chokhalitsa ndi kuika ntchitoyo pa seva, kuti chithunzi chilichonse chikangofika chizichepetsedwa, kufinyidwa ndi kupangidwira kukula kwake konse.

Pa WordPress zambiri zilipo kale. Kuyambira pa 5.3 imachepetsa yokha zithunzi zazikulu kufika mapikiselo 2560, kuyambira pa 5.5 imaika `loading="lazy"` yokha, pa 5.8 inayamba kulandira WebP, ndipo pa 6.5 AVIF, malinga ngati seva ili ndi zida zake. Koma 2560 ikadali yaikulu kwambiri pa foni, komanso kulandira WebP sikutanthauza kuti JPEG zanu zizisandutsidwa zokha. Pamafunika pulogalamu yoonjezera kapena khodi pang'ono. Mukaona dzina la fayilo lothera ndi `-scaled.jpg` likukokedwa pa foni, ndiye kuti wina anasankha `Full Size` poika chithunzicho, kapena thimu ya maonekedwe a tsamba lanu ikulemba `sizes` yolakwika. Mukaikanso pulogalamu yochedwetsa zithunzi pamwamba pa imene WordPress imachita yokha, ziwirizi zimatha kulimbana, zithunzi n'kumasowa kapena kukokedwa kawiri, siyani imodzi.

Chomaliza choyang'ana ndi mlendo wobwereza. Kasitomala amene analowa dzulo sayenera kulipiranso zithunzi zomwezo lero. Chotsani chongi pa `Disable cache`, tsegulani tsamba kawiri, ndipo kachiwiriko pa `Size` pazilembedwa `memory cache` kapena `disk cache`. Ngati manambala akubweranso athunthu, seva siikuuza burawuza kuti isunge. Pa zithunzi tumizani mutu uwu:

```
Cache-Control: public, max-age=31536000, immutable
```

Nambalayo ndi masekondi a chaka chimodzi. Ikakhala choncho, musasinthe chithunzi n'kusiya dzina lomwelo, chifukwa amene anachisunga apitiriza kuona chakale; chatsopano chipatseni dzina latsopano, monga `chitenje-400-v2.webp`. Ndipo ngati seva yanu imatumiza WebP kapena JPEG pa adiresi imodzi yomweyo potengera burawuza imene yapempha, onetsetsani kuti ikutumizanso `Vary: Accept`. Popanda mzere umenewu, nkhokwe za pakati pa seva ndi foni zimatha kusunga WebP n'kuipereka kwa foni yakale yosaidziwa, ndipo mudzalandira foni yakuti zithunzi zasweka pamene kwa inu zikuoneka bwinobwino.